Tikiti yotulukira: funso limodzi lokuonetsani pamene mwana wasokonekera

Phunziro likamatha, ambiri a ife timafunsa kuti, "Mwamva, ana inu?" Kalasi yonse imayankha pamodzi kuti, "Eee, tamva!" Ana aang'ono sanama akamayankha choncho. Amvadi mawu athu, aona zimene talemba pa bolodi, ndipo akufuna kutisangalatsa. Koma yankho la chigulu limabisa mwana amene watsalira, chifukwa mawu ake amamira m'mawu a anzake. Timadzazindikira patapita sabata, pochonga makope, kuti theka la kalasi linasochera kalekale pamene ife tapita kale pa mutu wina.

Tikiti yotulukira ndi kapepala kakang'ono kamene mwana aliyense amalembapo yankho la funso limodzi phunziro likamatha, n'kukapereka kwa mphunzitsi asanatuluke kapena asanayambe phunziro lina. Si mayeso, ndipo simupereka malikisi. Ntchito yake ndi yoti inu mudziwe lero lomwe chimene mawa muyenera kuyambira. Mfundo yanga kwa inu aphunzitsi anzanga ndi yakuti mphamvu ya tikiti ili m'funso. Funso labwino limachititsa kuti ngakhale yankho lolakwa likuuzeni chimene mwana amaganiza. Ndifotokoza ndondomeko yonse ndi phunziro limodzi la masamu, kuchotsera mobwereka, kwa ana a zaka zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu.

Yambani ndi chinthu chimodzi

Lembani funso la tikiti pamene mukukonzekera phunziro, osati belu likatsala pang'ono kulira. Dzifunseni kuti, pa zonse ndiphunzitse lero, n'chiti chimene mwana akapanda kuchigwira, phunziro la mawa silimupindulira? Pa phunziro lathu, chinthucho ndi ichi: mwana adziwe chochita pamene mawani a nambala yapamwamba achepa kuposa a yapansi. Kuyala manambala molunjikana, kulemba mwaukhondo ndi kufulumira ndi zabwino, koma si za tikiti ya lero.

Chiyeso chimabwera chofuna kufunsa mafunso asanu kuti tione zambiri. Musatero. Mwana wamng'ono amalemba pang'onopang'ono, ndipo mafunso asanu amadya mphindi khumi ndi zisanu. Komanso inuyo mudzakhala ndi mayankho 200 m'kalasi ya ana 40, ndipo simudzawawerenga lero. Funso limodzi, kapena awiri ngati ndi aafupi kwambiri, ndi lokwanira.

Sankhani manambala oti cholakwa chilichonse chioneke pachokha

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndikhalapo pang'ono.

Ana salakwa masamu mwachisawawa. M'chaka cha 1978, akatswiri awiri, John Seely Brown ndi Richard Burton, anaonetsa kuti zolakwa zambiri za ana pa kuchotsera zimachokera ku njira yolakwika imene mwanayo amaitsatira mokhulupirika nthawi zonse. Mwana ali ndi lamulo lake m'mutu, kungoti lamulolo ndi lopotoka. Choncho musanalembe funso, lembani kaye malamulo opotoka amene mumawaona kawirikawiri pa mutu umenewu, kenako muwerengere yankho limene lamulo lililonse lingatulutse.

Titenge samu iyi: 53 − 27. Yankho lolondola ndi 26. Mwana amene sanamvetse za kubwereka amayang'ana 3 ndi 7, n'kuona kuti 7 sangachoke mu 3, ndiye amangotembenuza: amachotsa 3 mu 7 n'kupeza 4, kenako 2 mu 5 n'kupeza 3. Amalemba 34. Mukaonetsetsa, mwanayu wachita samu ina, 57 − 23, ndipo waichita bwino. Mwana wina amabwereka ndithu, amapanga 13, amachotsa 7 n'kupeza 6, koma amaiwala kuti mateni atsala anayi, ndiye amachotsa 2 mu 5. Amalemba 36. Wina amati 3 kuchotsa 7 sizitheka, n'kulemba 0, yankho lake n'kukhala 30. Amene walemba 25 kapena 27 nthawi zambiri njira akuidziwa, waphonya powerenga chobwerera kuchokera pa 13. Amene walemba 80 waphatikiza, mwina sanayang'ane chizindikiro.

Mwaona kuti samu imodzi yomweyi ili ndi mayankho olakwa osiyanasiyana, ndipo lililonse likuloza vuto lake. Mwana wa 34 ndi mwana wa 36 onse alakwa, koma sali pamalo amodzi. Wa 36 watsala pang'ono kufika. Wa 34 sanayambe n'komwe kuona chifukwa chobwerekera.

Si samu iliyonse imene ingachite zimenezi. Ine ndinaperekapo 52 − 27 pa tikiti, ndipo mayankho ambiri olakwa anali 35. Ndinaganiza kuti ana onsewo ali ndi vuto limodzi, ndipo tsiku lotsatira ndinawaphunzitsa onse mofanana. Ena anathandizika, ena ayi. Nditakhala pansi n'kuwerengera ndinapeza chifukwa chake. Mwana wotembenuza amachotsa 2 mu 7 n'kupeza 5. Mwana wobwereka koma woiwala kuchepetsa mateni amachotsa 7 mu 12 n'kupezanso 5. Onse awiri amafika pa 35 podzera njira zosiyana, ndipo kapepala sikangakuuzeni kuti uyu ndi uti. Zimenezi zimachitika nthawi iliyonse pamene mawani awiriwo asiyana ndi 5, monga 1 ndi 6, 2 ndi 7, 3 ndi 8, kapena 4 ndi 9. Manambala otere apeweni pa tikiti.

Pewaninso samu yosafuna kubwereka, monga 57 − 23, chifukwa mwana wotembenuza adzaikhoza, inu n'kuganiza kuti zonse zili bwino. Samu yokhala ndi ziro, monga 50 − 27, isungeni kaye. Ziro imabweretsa chisokonezo chakechake ndipo ikuyenera tikiti ya tsiku lina. Chomaliza, musabwereze samu imene mwachita kale pa bolodi. Ana ena amaloweza msanga, ndipo angakubwezereni yankho la m'mutu popanda kugwira njira.

Konzani timapepala ndi nthawi

Pepala limodzi la kope kapena la ofesi mukalidula limapereka timapepala tinayi kapena tisanu ndi titatu, ndipo mapepala olembedwa mbali imodzi amagwira ntchito bwino lomwe. Dulani tambiri kamodzi, musunge m'kabokosi. Pa samu ngati iyi kotala la pepala ndi labwino, chifukwa ana aang'ono amalemba manambala akuluakulu ndipo mukufuna malo oti aonetse njira.

Siyani mphindi zisanu kumapeto kwa phunziro, ndipo muzilembe m'chikonzekero chanu ngati gawo la phunzirolo. Sabata yoyamba zidzatenga nthawi yoposa pamenepa, chifukwa ana akuphunzira mwambo wake. Gawani timapepala ana akumaliza ntchito yapitayo, kapena mupatse mwana mmodzi pa mzere uliwonse kuti agawe. Dzina lilembedwe poyamba, funso lisanaoneke. Mukalemba funso kaye, ambiri adzathamangira samu n'kuiwala dzina, ndipo kapepala kopanda dzina kangakuuzeni za kalasi koma osati za mwana.

Mmene mungaperekere

Fufutani zitsanzo zonse pa bolodi, ana atseke makope, kenako lembani samu mwaukulu ndi kuiwerenga mokweza kawiri. Mawu amene ndimanena ndi awa: "Ichi si mayeso. Ndikufuna ndione ngati ndaphunzitsa bwino. Aliyense achite yekha, ndipo musafufute chilichonse. Ngati simukudziwa, lembani pamene mwafika." Mawu oti asafufute ndi ofunika kwambiri. Kateni kakang'ono kamene mwana walemba pafupi ndi 3, kapena 5 amene wamudula ndi mzere, ndi zimene zimakuonetsani mmene waganizira.

Ana akuyamba kulemba, inu imani poti muone onse, koma musathandize. N'zovuta, chifukwa mtima wa mphunzitsi umafuna kuwerama pa mwana amene wagwira pensulo osalemba. Mukamuthandiza, kapepala kake kadzaonetsa nzeru zanu, ndipo mawa simudzamukumbukira pakati pa ofuna thandizo. Ingomuuzani motsitsa mawu kuti alembe chimene angathe. Womaliza atembenuze kapepala n'kudikira, kuti mnzake wapafupi asaonere. Pakatha mphindi ziwiri kapena zitatu, tolerani tonse, ngakhale tosamaliza.

Dzina loti tikiti lisakupusitseni n'kuyamba kutsekereza ana pakhomo. Mwana aliyense amatuluka akapereka kapepala, kaya yankho ndi lolondola, lolakwa kapena palibe. Mukabweza mwana kuti akakonze anzake akutuluka, mawa lake aliyense adzaonera kwa mnzake wodziwa, ndipo matikiti adzasiya kunena zoona.

Sanjani m'milu, osachonga

Chitani izi tsiku lomwelo, pa nthawi yopuma kapena ana akaweruka. Siyani cholembera chofiira. Tengani kapepala kamodzikamodzi, yang'anani yankho, n'kukaika pa mulu wa yankho limenelo. Popeza munawerengeratu mayankho olakwa, maso anu amangozindikira nambala, ndipo timapepala 40 timatha m'mphindi zochepa.

Tiyerekeze kuti m'kalasi ya ana 40 zatuluka motere. Ana 21 alemba 26. Ana 11 alemba 34. Anayi alemba 36, awiri alemba 25 kapena 27, mmodzi walemba 80, ndipo mmodzi wapereka kapepala ka dzina lokha. Mukanangochonga, mukanati ana 19 alakwa, n'kuganiza zobwereza phunziro lonse monga munaliphunzitsira. Milu ikunena zina. Vuto lalikulu ndi limodzi, la ana 11 otembenuza, ndipo enawo ndi timavuto tating'ono tosafuna phunziro lathunthu.

Bwereraninso ku mulu wa 26, muyang'ane njira. Mudzapeza ena amene ajambula timizere 53 n'kudula 27. Yankho apeza, ndipo akudziwa tanthauzo la kuchotsera, koma kubwereka sanakugwire, ndipo timizere tidzawathera nzeru manambala akadzafika m'mahandiredi. Amenewa aikeni pamodzi ndi ofuna kuonanso phunziro. Kapepala kopanda kanthu musakatanthauzire msanga. Mwina mwanayo sanamvetse, mwina pensulo inathyoka, mwina sakuona bwino pa bolodi, mwina sakupeza bwino m'thupi. Ameneyu mukamufunse nokha mawa m'mawa.

Lembani m'buku mwanu mizere iwiri yokha: tsiku, samu, kuchuluka kwa ana pa mulu uliwonse, ndi mayina a ana a m'milu yolakwa. Pakatha masabata angapo mudzaona dzina limene likubwerabwera, ndipo mudzakhala ndi chinthu chogwirika chouza kholo kapena mphunzitsi wamkulu.

Zimene muchite mawa lake

Tikiti yosasintha phunziro la mawa ndi kutaya mapepala chabe, choncho gawo ili musalidumphe. Mmene ine ndimaonera, ngati vuto limodzi lagwira kotala la kalasi kapena kuposa, ndi bwino kulikonza ndi kalasi yonse. Ngati lagwira ana ochepa, akhale nanu pakagulu enawo akugwira ntchito ina. Si lamulo lolembedwa, ndi muyezo wondithandiza kusankha msanga.

Pa ana 11 aja, kubwereza mawu omwewo mokweza sikungathandize, chifukwa anawamva kale dzulo. Sinthani njira. Tengani timitengo, mumange mitolo isanu ya timitengo khumikhumi, n'kuika titatu tapadera. Uzani mwana mmodzi kuti akupatseni timitengo tisanu ndi tiwiri. Adzatenga titatu tija n'kuima. Musamuuze chochita, mufunseni kuti, "Nanga tina tichokera kuti?" Posakhalitsa wina adzanena kuti timasule mtolo. Akamasula, werengani pamodzi: mitolo yatsala inayi, timitengo tapadera ndi 13. Achotse 7, titsala 6. Achotse mitolo iwiri, itsala iwiri. Pokhapo lembani pa bolodi, mukudula 5 n'kulemba 4, kuti ana aone kuti kudulako ndi mtolo uja wamasulidwa.

Kenako lembani 34 pa bolodi, osatchula dzina la aliyense, n'kunena kuti, "Yankho ili linapezeka dzulo. Munthu angalipeze bwanji?" Ana amakonda kufufuza zotere, ndipo mwana wotembenuza akamva mnzake akufotokoza njira yake yomwe, amaizindikira. Muwafunsenso kuti pa timitengo paja, 7 anali kuti. Iwo adzaona kuti 7 sanali pa tebulo ayi, anali nambala ya timitengo tofunika kuchotsa, ndiye panalibe 7 woti n'kuchotsamo 3.

Ana anayi a 36 safuna zambiri. Aphunzitseni kutsimikiza yankho pophatikiza: 36 ndi 27 zimapanga 63, osati 53. Afunseni kuti teni yowonjezerayo yachokera kuti, ndipo adzapeza okha kuti anabwereka osachepetsa. Awiri a 25 ndi 27 angofuna kuyeserera kuchotsa manambala osapitirira 20. Wa 80 mumufunse kuti awerenge samu mokweza akuloza chizindikiro ndi chala.

Ana amene sanayambe kulemba

Kwa ana a zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, kulemba kokhako ndi ntchito yaikulu, ndipo tikiti yofuna kulemba imayesa dzanja m'malo moyesa kumvetsa. Apatseni chochita ndi chizindikiro chimodzi, monga kuzunguliza chithunzi, kujambula timadontho kapena kudula mzere. Mayina alembeni nokha pa timapepala musanagawe.

Mfundo ya funso ndi yomwe ija. Tinene kuti mwaphunzitsa kumva liwu la m koyambirira kwa mawu. Pa kapepala pakhale zithunzi zinayi: maso, mutu, lilime ndi phazi. Tchulani chithunzi chilichonse mokweza, kuti mwana asatche mutu kuti nkhope, ndipo ana azungulize zoyamba ndi liwulo. Wozunguliza maso ndi mutu wagwira. Wozungulizanso lilime akulimva liwu, koma sanasiyanitse koyambirira ndi m'kati mwa mawu. Wozunguliza zonse zinayi kapena phazi lokha sanayambe kulimva, kapena sanamve malangizo. Chithunzi cha lilime ndi chimene chikugwira ntchito yaikulu pa kapepalaka.

Ngati simungathe kujambula timapepala ta onse, imani pakhomo ndi khadi la zithunzi, mwana aliyense aloze ndi chala potuluka. Vuto lake ndi lakuti wam'mbuyo amaona chimene wapatsogolo waloza, choncho khalani ndi makhadi awiri kapena atatu osinthanitsa. M'kalasi yaikulu kwambiri funsani mzere umodzi lero, wina mawa, koma musamangosankha okhala kutsogolo.

Ambiri amakonda timapepala ta nkhope zitatu, yomwetulira, yapakati ndi yokhumudwa, kapena kukwezetsa chala chachikulu. Zimenezi zimakuuzani mmene mwana akumvera mumtima, ndipo n'zofunika kuzidziwa, koma sizikuuzani chimene wamvetsa. Mwana wa 34 uja amasankha nkhope yomwetulira ndi mtima wonse, chifukwa njira yake imamupatsa yankho nthawi zonse. Ngati mukufuna nkhopezo, ziikeni pansi pa funso lenileni. Pamenepo zimathandiza, chifukwa mwana wolakwa koma wodzidalira amafuna chithandizo chosiyana ndi mwana wokhoza koma wamantha.

Mmene mungadziwire kuti tikiti ikukunamizani

Mukaona ana a benchi imodzi ali ndi yankho lolakwa lofanana, lachilendo, lolembedwa popanda njira, aonerana. Mankhwala ake ndi kupereka masamu awiri ofanana kulemera kwake, ina kwa okhala kumanzere, ina kwa okhala kumanja. Mukaona kalasi yonse ikukhoza tikiti tsiku lililonse koma n'kulephera mayeso a kumapeto kwa mwezi, funso lanu likufanana kwambiri ndi chitsanzo cha pa bolodi, kapena ndi lophweka. Mukaona timapepala tambiri topanda kanthu, mwina nthawi inachepa kapena ana sanamve chochita, ndipo vuto silili pa mutu wa phunziro.

Dziwaninso malire ake. Tikiti imakuuzani chimene mwana angachite phunziro likadali lotentha m'mutu. Sikulonjeza kuti adzakumbukira sabata yamawa. Funso limodzi silingakhalenso chigamulo pa mwana, chifukwa wina amakhoza mwamwayi ndipo wina amalakwa chifukwa chotopa. N'chifukwa chake sindiika zotsatira za matikiti pa lipoti la mwana. Komanso simuyenera kupereka tikiti pa phunziro lililonse. Kawiri kapena katatu pa sabata, pa maphunziro amene mawa likudalira lero, n'kokwanira kuti muzitha kuwerenga ndi kuchitapo kanthu.

Mukamaliza phunziro la timitengo lija, perekani tikiti yachiwiri ya samu yatsopano yofanana mtundu, monga 62 − 38. Yankho lolondola ndi 24. Wotembenuza adzalemba 36, ndipo woiwala kuchepetsa mateni adzalemba 34. Samalani posanja, chifukwa manambala awiriwa asinthana tanthauzo poyerekeza ndi dzulo. Tsegulani buku lanu pa mayina 11 aja, muone kuti ndi angati asamukira ku mulu wa 24. Ngati atsala atatu kapena anayi, akhale nanu pakagulu ndi mitolo ya timitengo pamene enawo akupitiriza. Pakatha sabata, bweretsaninso samu ya mtundu womwewu mosawachenjeza, monga 71 − 45, muone ngati 26 akutuluka kapena 34 wabwereranso.